Telala Akadwala: Momwe Mungauzire Makasitomala Kuti Zovala Zawo Zichedwa

Ife matelala tili ndi mbiri yathu, ndipo si yokoma. Munthu akamva telala akuti "bwerani mawa" amangoseka, chifukwa mawa la telala amalidziwa. Ndiye tsiku limene mwadwaladi, malungo akukunjenjemeretsani pamphasa, mawu oti "ndikudwala" amafika kwa kasitomala atasukuluka kale. Anawamvapo kwa telala wina, yemwe madzulo ake anamupeza akusewera bawo kuseri kwa golosale.

Pa chifukwa ichi ambiri a ife tikadwala timachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Ena timazimitsa foni n'kufunda bulangete, poganiza kuti tikachira tidzafotokoza. Ena timaika chithunzi cha mapilitsi pa Status ya WhatsApp n'kulemba kuti "mundipempherere", basi ntchito yatha. Zonsezi sizimuuza kasitomala chimene akufuna kumva. Iye angakumvereni chisoni ndithu, koma mumtima ali ndi mafunso atatu: chovala changa chituluka liti, nsalu yanga ili bwino kodi, ndipo ngati sindingathe kudikira ndichite chiyani?

Ndikuyendetsani m'njira imene ndinaitsata Okutobala wina, pamene malungo anandigwira Lamlungu usiku pa 5, ndili ndi maoda 10 m'buku. Ndimasoka ndekha pakhonde la sitolo, ndilibe wantchito, ndiye ndikagona makina nawo amagona.

## Zofunika kukhala nazo pafupi

- Buku la maoda, kapena kulikonse kumene mumalemba miyezo ndi manambala a makasitomala
- Kalendala, ngakhale ya mufoni
- Pepala loyera ndi cholembera
- Foni yotchaja, yokhala ndi bandulo ya intaneti komanso mayunitsi oimbira, chifukwa ena muyenera kuwaimbira
- Munthu mmodzi womukhulupirira woti angakatsegule kumene mumasokera n'kupereka nsalu
- Nambala ya telala mnzanu amene masokedwe ake mumawadziwa
- Chiwerengero cha ndalama za dipoziti zimene zidakali m'manja mwanu, osati zimene munalandira

Chomaliziracho musachidumphe. Tibwererakonso.

## Gawo loyamba: musanalembe liwu ndi limodzi lomwe

### 1. Sanjani maoda potengera tsiku limene chovala chikavalidwe

Tsegulani buku, lembani papepala oda iliyonse imene simunapereke. Pa iliyonse lembani zinthu zinayi: mwini wake, tsiku limene munalonjeza, tsiku limene chovalacho chikavalidwe, ndi pamene ntchito yafika. Kunena pamene yafika ndiye kuti: nsalu sinadulidwe, yadulidwa, yalumikizidwa, kapena yangotsala zipi, mabatani ndi kusita.

Masiku awiriwo ndi osiyana, ndipo lachiwirilo ndiye lolamula. Munthu amene munamulonjeza Lachisanu siketi yongopitira kuntchito akhoza kudikira sabata ina. Amene munamulonjeza Lachisanu lomwelo diresi ya chinkhoswe cha Loweruka sangadikire ngakhale tsiku limodzi.

Anga anagawika patatu. Panali oda imodzi ya madiresi atatu a operekeza mkwatibwi, ukwati wake Loweruka pa 11. Nsalu ndinali nditadula kale, kusoka ndisanayambe. Panali maoda anayi a madiresi a chitenje a Tsiku la Anakubala, limene kuno kwathu limakhala pa 15 Okutobala, ndipo atatu mwa iwo anali odulidwa. Otsala asanuwo anali opanda tsiku lowathamangitsa: makatani, siketi, malaya aamuna, buluku lofuna kupinda ndi chikwama chofuna zipi.

Chenjezo: musasanje potengera amene anabwera koyamba, kapena amene amakalipa kwambiri. Mutu ukamapweteka, mtima umathamangira kukondweretsa kasitomala waukali uja, n'kuiwala mayi wofatsa amene mwana wake akukwatiwa Loweruka.

### 2. Werengerani masiku moona, kenako onjezerani

Apa ndi pamene uthenga wonse umaimira kapena kugwera. Tsiku latsopano limene mupereke lisachokere m'mutu, lichokere pa kalendala.

Kuchipatala anandiyeza Lolemba pa 6 n'kundipatsa LA. Mankhwala amenewa amamwedwa masiku atatu, kawiri pa tsiku, ndiye kuti ndinali womaliza Lachitatu pa 8. Telala wosazolowera amalemba pomwepo kuti "Lachinayi ndibwerera pamakina". Koma aliyense amene anadwalapo malungo akudziwa kuti kutha kwa mapilitsi si kubwerera kwa mphamvu. Makina anga ndi opondera. Kupalasa ndi miyendo yolobodoka, maso akuchita chidima pa singano, ndi njira yachidule yosokera mkono wa diresi chagada.

Ndinawerengera motere. Lachinayi pa 9 ndi lopuma. Lachisanu pa 10 ndi Loweruka pa 11 ndigwira theka la tsiku. Lolemba pa 13 ndi Lachiwiri pa 14 ndigwira tsiku lonse, koma mwapang'onopang'ono. Ndili bwino ndimatulutsa madiresi awiri a chitenje pa tsiku ngati sitayelo yake si yovuta. Pochira ndinadziwerengera imodzi yokha.

Pepala linandiuza zoona zimene mtima sunkafuna kumva. Madiresi a ukwati aja, okhala ndi layiningi komanso ofunika kuti eni ake adzayese, sindikanawatha pofika Lachisanu madzulo. A Tsiku la Anakubala akanakwana onse anayi pokhapokha ngati palibe chilichonse chosokoneza: diresi Lachisanu, ina Loweruka, ina Lolemba, yomaliza Lachiwiri. Mpata wokonza polakwika panalibe. Ndinaganiza zolonjeza atatu odulidwa aja, tsiku la Lachiwiri n'kulisiya lopanda kanthu kuti ligwire zotsalira. Wachinayiyo, poti nsalu yake inali isanakhudzidwe ndi sizasi, anali wosavuta kupita nayo kwina.

Zisanu zotsalazo zinali ntchito ya masiku awiri kapena atatu, kuyambira pa 16. Ndikanatha kunena kuti pa 18. Ndinati Lachitatu pa 22.

Chenjezo: ngati makina anu ndi a magetsi, kapena mumakamenyetsa ovaloko kwa munthu wina, onjezerani tsiku lina. Magetsi sadziwa kuti munadwala. Ndipo kumbukirani kuti kasitomala amakhululuka kusuntha tsiku kamodzi. Mukasunthanso kachiwiri, amayamba kukayikira ngakhale matenda aja.

## Gawo lachiwiri: uthenga weniweniwo

### 3. Sankhani njira yofikira munthu aliyense

Amene mwambo wake uli pafupi, muimbireni. Nkhani ya ukwati si yoisiya mu uthenga umene angauwerenge mawa madzulo atagula bandulo. Mukatha kulankhula mulembenso zimene mwagwirizana, kuti pakhale chosonyeza.

Otsalawo alembereni mmodzimmodzi. Maoda 10 ndi ntchito ya theka la ola. Ngati maso sakulola kulemba, jambulani uthenga wa mawu, koma tsikulo mulilembenso m'manambala pansi pake, chifukwa palibe amene amabwereza kumvetsera uthenga wa mphindi ziwiri pofuna kukumbuka deti.

Pali misampha itatu ya pa WhatsApp. Status imafufutika pakatha maola 24, ndipo simungadalire kuti aliyense waiona. Uthenga wotumiza kwa anthu ambiri nthawi imodzi kudzera pa `New broadcast` umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu mufoni mwawo, pomwe makasitomala ambiri sanaisunge. Ndipo kutsegula gulu n'kuponyamo makasitomala onse ndiye koipitsitsa: mwaulula manambala awo kwa anthu osawadziwa, komanso mwawasonkhanitsa pabwalo limodzi kuti ayambe kufunsana kuti "inunso anakuuzani liti?"

Agogo amene ali ndi kafoni ka mabatani atumizireni SMS kapena aimbireni. SMS imodzi imanyamula zilembo 160, ndiye mawu akhale ochepa.

### 4. Lembani zinthu zisanu, motsatana chonchi

Moni ndi kudzitchula. Kenako nkhani yoti chovala chakuti sichituluka pa tsiku lija, ndi chifukwa chake m'chiganizo chimodzi. Kenako tsiku latsopano. Kenako pamene ntchito yafika ndi kumene nsalu ili. Pomaliza, chimene angachite ngati tsikulo silikumukomera.

Nawu umene ndinatumizira mmodzi wa amayi a Tsiku la Anakubala:

> Mwadzuka bwanji mayi? Ndine telala wanu wa pakhonde la sitolo paja. Pepani kwambiri, diresi yanu ya chitenje chobiriwira situluka Lachisanu pa 10 monga tinapangana. Ndadwala malungo, ndili pa mankhwala kunyumba. Ndikupatsani Lolemba pa 13 madzulo, kuti ngati pali pofuna kubweza tikonze Lachiwiri, pa 15 muvale. Nsalu ndinadula kale, ili yokhomeredwa m'bokosi. Ngati pa 13 pakuchedwerani, ndiuzeni lero kapena mawa tione chochita. Zikomo.

Onani zinthu zingapo mmenemu. Ndatchula chovalacho ndi mtundu wake, chifukwa mawu oti "chitenje chobiriwira" akumuuza mayiyo kuti uthengawu ndi wake, ndipo nsalu yake ndikuikumbuka. Ndatchula dzina la tsiku pamodzi ndi deti, kuti pasadzakhale zoti "ine ndimayesa Lolemba linalo". Za matenda ndanena kamodzi. "Pepani" nayenso ndamunena kamodzi. Telala akapepesa kasanu mu uthenga umodzi, owerenga amayamba kuganiza kuti nsalu yapsa ndi simbi.

Wa SMS unali wotere:

> Mayi, ndine telala wanu. Pepani ndadwala malungo. Siketi yanu ituluka Lachitatu pa 22, osati pa 10. Nsalu ili bwino. Mukafuna kuitenga ndiuzeni.

Kwa mwini diresi yachinayi ija, yosadulidwa, sindinazungulire:

> Mwaswera bwanji achemwali? Ndine telala. Pepani, ndadwala ndipo ndawerengera masiku, ndaona kuti diresi yanu sindingaimalize pa 15 pasanafike. Sindikufuna kukunamizani. Nsalu yanu sindinaidule, ili yonse mmene munaibweretsera. Mukhoza kuitenga mawa limodzi ndi dipoziti yanu kuti mukasoketse kwina nthawi ikadalipo, kapena ngati mungadikire ndidzakupatsani pa 18. Mundiyankhe lero chonde, kuti ndimutume mwana akatsegule.

Kodi dzina la matenda n'lofunika kulitchula? Ayi. Malungo ndinawatchula chifukwa aliyense amawadziwa ndipo amadziwa kutalika kwake. Ngati ndi matenda oti simukufuna kuti ayende m'mudzi, "ndadwala, adokotala andiuza kuti ndipume sabata imodzi" n'zokwanira. Kasitomala alibe ufulu woona buku lanu la kuchipatala, ndipo musalijambule n'kutumiza ngati umboni. Kumene muyenera kunenako pang'ono ndi pamene matendawo ndi opatsirana, monga chimfine champhamvu kapena maso ofiira aja. Apo onjezani kuti "musabwere kudzayesa kaye, ndikuuzani tsiku", chifukwa poyesa chovala telala ndi kasitomala amapumirana.

Chenjezo: mawu awa asapezeke mu uthenga wanu popanda deti pambali pake: "posachedwa", "ndikangopeza bwino", "sabata yamawa chakumapeto", "tiona". "Mulungu akalola" ndi mawu abwino ndipo tonse timawanena, koma akhale pambuyo pa deti, asalowe m'malo mwa deti.

Za ulemu: ngakhale kasitomala ndi mtsikana wamng'ono amene masiku onse mumacheza naye mwa "iwe", uthenga uwu ulembeni mwa "inu". Mukubweza lonjezo, si nthawi ya nthabwala. Akuluakulu ayambeni ndi moni wathunthu, osati "bho".

### 5. Oda imene singadikire: imbani, kenako perekani njira

Iyi ndiye inandisowetsa tulo kuposa malungo. Amene anabweretsa oda ya ukwati anali mkulu wake wa mkwatibwi. Ndisanamuimbire, ndinayamba ndaimbira telala mnzanga wa mumsika kumufunsa ngati angalandire madiresi atatu odulidwa kale n'kuwatulutsa Lachisanu masana. Chitani motsatana chomwecho. Mukaimbira kasitomala mulibe yankho, mwangomusenzetsa vuto lanu. Mukaimba muli ndi dzina la telala wina m'manja, nkhani imafupika.

Anakhala chete kanthawi nditamuuza. Kenako anati, "Ndiye a telala, mukuti ana aja avale chiyani Loweruka?" Ndinamuuza njira ziwiri: ndipereke ntchito kwa mnzanga amene wavomera kale, pa mtengo womwe uja, kapena atenge nsalu ndi ndalama zake apite kwa telala wa kukhosi kwake. Anasankha yoyamba. Titadula foni ndinalemba:

> Achemwali, monga talankhulana: madiresi atatu a ukwati wa pa 11 asokedwa ndi mnzanga wa mumsika, nambala yake ndi iyi ndakutumizirani. Atsikana apite kukayesa Lachinayi pa 9 masana, kutenga ndi Lachisanu pa 10. Mtengo sukusintha, ndalama yotsala ija mukapereke kwa iyeyo potenga. Ngati china sichikuyenda, imbirani ine, osadikira Lachisanu.

Musapereke nsalu ya munthu kwa telala wina mwini wake asanavomere. Anabwera kwa inu chifukwa cha dzanja lanu, ndipo akadzazindikira yekha kuti msoko si wanu, simudzamuonanso.

Popereka ntchito yodula kale pamafunika kusamala, chifukwa matelala ambiri sakonda kusoka zodula wina, ndipo ali ndi chifukwa. Diresi iliyonse ikhale m'jumbo yakeyake, zidutswa zake zonse zili momwemo, kapepala ka dzina ndi miyezo katabayidwa ndi phini pa chidutswa cha kutsogolo. Atsikana atatu ovala nsalu yofanana, mukasakaniza mikono yawo, palibe angailekanitse. Ikanimo chithunzi cha sitayelo, zipi, layiningi, ulusi umene munagula, ndi nsalu yonse yotsala. Muuzeninso mpata umene mumasiya wa msoko. Ine m'mbali ndimasiya inchi imodzi kuti pakhale pobwezera, mnzangayo amasiya theka. Ndikanapanda kunena, madiresi onse akanatuluka okhwepa m'chiuno.

Za malipiro a mnzanuyo mugwirizane inu awiri, kasitomala asalowemo. Ine ndinatsala ndi kachigawo ka kudula, zina zonse zinapita kwa wosoka. Phindu pa oda imeneyo linatha, inde.

### 6. Konzani za dipoziti musanalonjeze kubweza

Tsopano tibwerere ku chinthu chomaliza pa mndandanda uja. N'zosavuta kulembera anthu 10 kuti "mukafuna tengani ndalama zanu". Nanga asanu akati tikufuna, ndalamazo zilipo? Nthawi zambiri dipoziti imakhala itapita kale ku zipi, ulusi, lendi ya khonde, ndipo sabata imeneyo inanso yapita ku mayendedwe a kuchipatala.

Choncho lonjezo lobweza ndalama liperekeni kwa okhawo amene tsiku la mwambo wawo mwalephera kulikwanitsa. Enawo auzeni tsiku latsopano ndi mwayi wotenga nsalu. Ngati wina wa iwo wafunabe ndalama, ndi ufulu wake, koma mutha kugwirizana tsiku lobwezera.

Kawerengedwe kake kakhale koonekera. Tiyerekeze kuti munthu anapereka K10,000 ndipo munagula zipi ndi layiningi za K3,500. Mubwezereni K6,500 pamodzi ndi zipi ndi layiningizo, n'kumulembera momwemo mu uthenga. Ngati simunagule kanthu ndipo nsalu simunaidule, bwezani yonse, osadulapo ya "kuyeza". Wolephera pangano ndinu.

Pobweza pa Airtel Money kapena Mpamba, onani dzina limene latuluka musanatsimikize, ikanipo ndi yotapira, ndipo uthenga wotsimikizira uja musaufufute. Wobwera kudzatenga nsalu pamanja asaine m'buku pafupi ndi oda yake, makamaka ngati wopereka ndi mwana kapena mlamu wanu.

Chenjezo lalikulu: mu uthenga wonena za matenda musapemphe ndalama. Osalemba kuti "tumizaniko yotsala ija ndigulire mankhwala". Anthu atopa ndi akuba a pafoni amene amanamizira matenda a wachibale n'kupempha kuti ndalama itumizidwe pa nambala yachilendo, ndipo uthenga wanu ufanana ndi wawo. Ngakhale kasitomala atakhulupirira kuti ndinudi, zimaoneka ngati mukugwira chovala chake chikole.

### 7. Onetsetsani kuti uthenga wafika, lembani mayankho

Kutumiza si kufika. Pa WhatsApp, kachizindikiro kamodzi kotuwa kakutanthauza kuti uthenga wachoka kwa inu koma sunalowe mufoni yake. Tiwiri totuwa ndiye kuti walowa. Tikasanduka tobiriwira ngati mtambo ndiye kuti wawerengedwa, ngakhale ena amatseka zimenezi moti kwa iwo timangokhala totuwa. Ngati pofika madzulo kadakali kamodzi, mwina munthuyo alibe bandulo. Tumizani SMS kapena imbani.

Yankho lililonse lilembeni m'buku pafupi ndi oda yake: wavomera pa 13, watenga nsalu, sanayankhe. Mukachira simudzakumbuka zimene munagwirizana muli ndi thupi lotentha.

Pakhomo pa malo osokera pakhalenso kapepala, kapena muuzeni wa sitolo yoyandikana nanu chonena: telala wadwala, abwerera tsiku lakuti, nambala yake ndi iyi. Pali makasitomala amene nambala zawo simunalembe, ndipo munthu akapeza khonde lili mbee, makina atachotsedwa, ganizo loyamba limakhala loti telala wathawa ndi nsalu.

Wina adzayankha mokalipa. Kwa ine anali mwini makatani, amene analemba kuti matelala nonse ndinu amodzi. Musatsutsane naye, ndipo musayambe kufotokoza mmene munasanzira usiku. Ndinangoti: "Ndamva bambo, ndipo mukunena zoona kuti ndakuchedwetsani. Pa 22 makatani akhala atatha. Mukafuna nsalu isanafike deti imeneyo, mwana akupatsani mawa." Sanabwere kudzatenga.

### 8. Ngati simukudziwa kuti muchira liti

Malungo ali ndi masiku ake. Koma pali kugonekedwa m'chipatala, opaleshoni, dzanja lothyoka, msana, maso. Pamenepo musapeke tsiku lotulutsa chovala. Perekani tsiku limene mudzanenenso za mmene zilili, ndipo nsalu zonse za mwambo zibwezeni msanga osadikira kufunsidwa.

Ngati simungathe kugwira foni, wachibale alembe pa nambala yanu yomweyo, ndipo adzitchule:

> Mwadzuka bwanji? Ndine mchemwali wawo wa a telala, ndikulemba pa foni yawo. Agonekedwa m'chipatala ndipo pakadali pano sitinganene tsiku limene abwerere pamakina. Nsalu yanu ndi miyezo zili bwino kunyumba. Mukafuna kutenga, ndikhala pamalo awo osokera Lachinayi kuyambira 9 koloko mpaka 12 koloko. Amene mungadikire, ndidzakulemberaninso Lolemba pa 20 kukuuzani mmene zilili.

Lolembalo likafika, lembanidi, ngakhale nkhani ikhale yoti palibe chasintha.

Zikachitikanso kuti tsiku limene munalonjeza layandikira koma thupi likukanabe, nenani kusanache, kutatsala masiku awiri, osati m'mawa wa tsikulo munthu atakwera kale minibasi. Ulendo wachiwiriwu musangopereka deti ina. Yambani ndi kumupatsa mwayi wotenga nsalu ndi ndalama, iye ndiye anene ngati adikirebe.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kudikira kuti mwina mawa ndidzuka bwino. Tsiku lililonse limene mwakhala chete mukumudyera kasitomala nthawi yopezera telala wina. Ndikanaimba Lachinayi m'malo mwa Lolemba, mnzanga uja sakanalandira madiresi a ukwati, ndipo nyengo ya maukwati aliyense amakhala ndi mulu wake.

Kupatsa aliyense deti imodzi. Mukalembera anthu asanu ndi atatu kuti "bwerani Lolemba", Lolembalo mudzakhala ndi anthu asanu ndi atatu pabenchi ndi diresi imodzi yotha. Aliyense apatsidwe tsiku limene ntchito yake idzakhale itathadi.

Kunena kuti chatsala pang'ono pomwe nsalu sinadulidwe. Kasitomala akati "ndibwera ndidzangotenga mmene chililimo", bodza limaonekera poyera. Komanso mwamutsekera njira: akanadziwa kuti nsalu ndi yathunthu akanaitenga tsiku lomwelo.

Kulonjeza kutsitsa mtengo kwa aliyense chifukwa cha manyazi. Sabata imene simunasoke ndi sabata yopanda ndalama kale. Amene walandira chovala chake mwambo usanafike sanataye kanthu. Ngati mukufuna kupepesa ndi manja, kampango ka kumutu kochokera ku nsalu yake yotsala kamakwanira.

Kulandira maoda atsopano mukangodzuka. Munthu adzabwera ndi ndalama m'manja Lachisanu lomwe mwabwerera, akufuna diresi ya pa 15, ndipo thumba lidzakhala lili pululu. Mukalandira, tsiku lija munasiya lopanda kanthu latha, ndipo mmodzi wa anthu amene anakudikirani moleza mtima ndiye alipire. Muuzeni deti ya pambuyo pa maoda akale.

Kuoneka pa Status muli kwina. Mwauza anthu kuti muli chigonere, Loweruka mwaika chithunzi muli ku phwando la mphwanu. Mwina munangokakhalako ola limodzi mutadzikoka, koma amene akudikira siketi yake mpaka pa 22 saona zimenezo.

Kukhala chete chovala chikatha. Mukamaliza tsiku lisanafike, lembani pomwepo kuti "mayi, yatha, mukhoza kudzatenga". Siketi ija ndinaimaliza pa 17, ndipo mwini wake anabwera Loweruka pa 18 m'mawa, atanyamula nsalu ina m'jumbo.